Mmene Mizinga Inalandira Akalonga a ku Falansa Malinga Awo

M'mwezi wa Julaye 1450, asilikali a Mangalande amene ankalondera mzinda wa Cherbourg, kumpoto kwa Falansa, anaona zachilendo. Adani awo, Afalansa, anakokera mizinga pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja, pamalo amene madzi amasefukirapo kawiri pa tsiku. Mbali imeneyo ya mzinda inalibe chitetezo cholimba, chifukwa palibe anaganizapo kuti munthu wanzeru zake angaike zida pamenepo. Madzi akayamba kukwera, owombera ankatseka pakamwa pa mizinga, n'kuikuta ndi zikopa zopaka mafuta, n'kuthawira kumtunda. Madzi akaphwera ankabwerera, kuvundukula zikopazo n'kuyambiranso kuwomba. Pa 12 Ogasiti mzindawo unagonja. Mu 1418, pamene Angerezi ankaulanda mzinda womwewo, anauzinga kwa miyezi yoposa isanu.

Cherbourg unali malo otsiriza a Angerezi m'chigawo cha Normandy. M'chaka chimodzi chokha, gulu la nkhondo la Mfumu Charles VII linalanda mizinda ndi malinga pafupifupi 60. Angerezi ndiwo anamva kuwawa chaka chimenecho, koma panali anthu ena amene ankaonerera mitima ili m'mwamba: akalonga a ku Falansa komweko. Aliyense wa iwo anali ndi linga lake la miyala, ndipo linga ndilo linali maziko a ufulu wake wotsutsana ndi mfumu.

Kuti munthu amvetse chimene chinatha m'zaka zimenezo, ayenera kuyamba wadziwa ntchito ya linga. Kwa zaka pafupifupi 400, ku Ulaya mphamvu inali ya amene ali kuseri kwa khoma. Kalonga ankamanga paphiri kapena pokhotera mtsinje, makoma ataliatali, nsanja m'ngodya, ngalande yakuya kuzungulira. Ali m'katimo ankaweruza milandu, kutolera msonkho pamilatho ndi m'misika, ndipo akalonga akuluakulu ena ankasula ndalama zawozawo. Mfumu ikamuitana, ankapita akafuna. Akakana, mfumu inkayenera kubwera ndi gulu la nkhondo, ndipo mavuto ake ankayambira pomwepo.

Amuna ochepa okhala pamwamba pa khoma ankatha kuimitsa chikhamu cha asilikali. Okwera pamakwerero ankagwetsedwa. Makina oponya miyala analipo, koma mwala wake unkayenda chokwera m'mwamba n'kugwa mopendekera, ndipo khoma lochindikala unkangolikanda. Kukumba pansi pa maziko kunkatheka pa dothi, osati pathanthwe. Njira yodalirika inali njala, ndipo njala sifulumira. Château Gaillard, linga limene Richard I wa ku Mangalande anamanga pamtsinje wa Seine pakati pa 1196 ndi 1198, linapirira kwa miyezi isanu ndi umodzi lisanagwe m'manja mwa Philip II mu Malichi 1204. Mzinda wa Calais unasunga Edward III panja kwa miyezi 11, kuyambira 1346 mpaka 1347. Koma mwambo wa nthawi imeneyo unkati munthu wa mfumu aziitumikira kunkhondo kwaulere masiku 40 okha pa chaka. Masikuwo akatha, mfumu inkayenera kulipira, kapena kuona asilikali ake akubwerera kwawo kukakolola. Onjezani kamwazi wa mumsasa ndi chisanu. Kalonga wopanduka sankafunikira kupambana nkhondo ayi. Ankangofunikira kudikira mpaka mfumu itatopa n'kuvomera kukambirana.

Onga sunasinthe zimenezi tsiku limodzi. Unatulukiridwa ku Tchaina, kumene buku lina la zankhondo la mu 1044 linalemba kale kasakanizidwe kake. Ku Ulaya mizinga inayamba kutchulidwa m'zolemba cha m'ma 1326, ndipo pankhondo ya ku Crécy mu 1346 Angerezi anali nayo ingapo. Kwa zaka pafupifupi 100 inali yoopsa ndi phokoso kuposa ndi ntchito. Inali yaifupi, yosachedwa kuphulika, ndipo onga wake unali wodula kwambiri. Ngakhale mu 1419, Henry V wa ku Mangalande, amene anali ndi mizinga yabwino pa nthawiyo, anagonjetsa mzinda wa Rouen ndi njala, patapita pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi.

Zimene zinasintha pakati pa 1400 ndi 1450 zinali za m'nyumba zosulira, osati za kunkhondo. Osula anayamba kutalikitsa mizinga, kotero kuti mpweya wa onga unkakankha chipolopolo kwa nthawi yaitali chisanatuluke, ndipo chinkatuluka mwaliwiro ndi molunjika. Onga nawo unasintha. Unkapangidwa kuchokera ku zinthu zitatu: mchere wa onga wotchedwa solitipita, makala ndi sulufule, ndipo muyezo umene unadzakhazikika m'zaka zotsatira ndi magawo 75 a solitipita, 15 a makala ndi 10 a sulufule pa 100 alionse. Poyamba zinthuzi ankangozisinja kukhala ufa. Ufawo ukagwedezeka m'ngolo unkalekana, zolemera pansi zopepuka pamwamba, unkayamwa chinyezi, ndipo ukatsenderedwa kwambiri mu mzinga unkayaka pang'onopang'ono. Kenaka amisiri anaphunzira kuunyowetsa, kuuumba, kuuyanika n'kuuphwanya kukhala timibulu. Moto unkadutsa m'mipata ya timibuluto n'kuyatsa onga wonse nthawi imodzi. Pomalizira kunabwera chipolopolo chachitsulo m'malo mwa chamwala. Chitsulo chimalemera pafupifupi katatu kuposa mwala wa kukula komweko, choncho mzinga waung'ono, wosavuta kukoka, unayamba kugwira ntchito imene kale inkafuna chimzinga chachikulu. Komanso mwala ukamenya khoma umasweka wokha, pamene chitsulo chimaswa khomalo.

Apa kutalika kwa khoma, kumene kunali ulemerero wa linga, kunasanduka chilema chake. Owombera sankalimbana ndi pamwamba. Ankalunjika m'munsi, pamalo amodzimodzi, mpaka atajoba mzere wopingasa m'tsinde mwa khoma, ndipo kulemera kwa miyala ya pamwamba kunkamaliza ntchito. Khoma likagwa, zibuma zake zinkadzaza ngalande n'kusanduka njira yokwerera adani. Eni linga sakanatha kubwezera mofanana, chifukwa kanjira ka pamwamba pa khoma kanali kopapatiza, kopangidwira anthu a mauta, ndipo mzinga waukulu ukawombera pamenepo unkagwedeza ndi kung'amba khoma la mwini wake. Mwambo wa nkhondo unawonjezera mantha: mzinda wogonja mwamtendere unkasungidwa, koma wolandidwa mwa nkhondo unkafunkhidwa. N'chifukwa chake ambiri mwa malo 60 a ku Normandy aja sanadikire kuti khoma ligwe. Ankangoona mizinga ikukhazikidwa, n'kutumiza munthu kukakambirana za tsiku lotulukira.

Funso lenileni, komabe, n'lakuti: chifukwa chiyani chida chimenechi chinapindulira mfumu osati akalonga? Palibe lamulo la chilengedwe loletsa kalonga kugula mzinga, ndipo ambiri anaguladi. Yankho lili pa mtengo, ndipo si mtengo wa mzinga umodzi.

Mzinga umodzi sugwetsa linga. Mizinga ikuluikulu ya nthawi imeneyo inkawomba kangapo kokha pa tsiku, ndipo usiku eni linga ankatseka mipata ndi mitengo ndi dothi. Pankafunika yambiri yowomba pamalo amodzi mosalekeza. Ku Harfleur, mu Disembala 1449, Afalansa anaika mizinga ikuluikulu 16, ndipo mzindawo unagonja pasanathe masabata atatu. Tsono taganizirani zimene zinali kumbuyo kwa mizinga 16 imeneyo. Mizinga yabwino inkaumbidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi tini, zitsulo zogula kutali, ndipo oumba ake anali amisiri ochepa, ambiri a iwo oumba mabelu a m'matchalitchi. Kukoka mzinga umodzi wolemera kunkafuna akavalo 20 kapena kuposa, ndipo akavalo amadya tsiku lililonse, kaya nkhondo ilipo kaya palibe. Pankafunika ngolo za onga, ngolo za zipolopolo, akalipentala, osula, ndi anthu a makasu okonza misewu ndi kulimbitsa milatho patsogolo. Sulufule inkachokera kumadera a mapiri ophulika moto monga Sisile. Solitipita ankamupala m'makoma a makola, m'zipinda za pansi ndi m'dothi lonyowa ndi mkodzo wa ziweto, n'kumusungunula m'madzi, kumusefa ndi kumuwiritsa. Kuti apezeke wokwanira, mafumu a ku Falansa ndi a ku Mangalande anadzapereka kwa anthu awo chilolezo cholowa m'nyumba ndi m'khola la munthu aliyense kukakumba. Chilolezo chotere kalonga akanachipereka m'dera lake lokha. Mfumu inkachipereka m'dziko lonse.

Linga linali chuma chimene munthu amalipira kamodzi, n'kusiyira ana ndi zidzukulu. Gulu la mizinga linali ngati chigayo cha dizilo: kugula ndi chiyambi chabe, ndipo tsiku limene mwasowa ndalama ya mafuta ndi ya mmisiri, chimasanduka chitsulo chongokhala. Ndalama za kalonga zinkachokera m'minda yake ndi kwa alimi ake. Ndalama zoyendetsera mizinga chaka ndi chaka zikanachokera ku msonkho wa dziko lonse basi.

Ndipo apa ndi pamene mbiri ya Charles VII ikusonyeza kuti msonkho unayamba, mizinga n'kutsatira. Mfumuyi inalowa ufumu mu 1422 ili yofooka, Paris ali m'manja mwa Angerezi, anthu n'kumainyoza kuti ndi mfumu ya tauni ya Bourges yokha. Zinthu zinayamba kutembenuka ndi Jeanne d'Arc mu 1429, ndiponso ndi pangano la ku Arras la mu 1435 limene linachotsa Kalonga wa Burgundy kumbali ya Angerezi. Koma dziko linadzaza ndi magulu a asilikali osalipidwa amene ankafunkha midzi mwankhanza zosaneneka. Anthu anali okonzeka kupereka chilichonse kuti zimenezi zithe. Mu Novembala 1439, pambuyo pa msonkhano wa nthumwi za dziko ku Orléans, mfumu inatulutsa lamulo lakuti palibe wina wololedwa kusonkhanitsa gulu la nkhondo popanda chilolezo chake, ndipo akalonga analetsedwa kudzitolera kapena kupatutsa msonkho wa nkhondo m'madera awo. M'zaka zotsatira mfumu inapitiriza kutolera msonkhowo chaka chilichonse osaitananso msonkhano kuti uvomereze. Mu 1445 inakhazikitsa magulu 15 a asilikali apakavalo olipidwa nthawi zonse, gulu lililonse la timagulu 100 ta amuna asanu ndi mmodzi.

Akalonga anaona kumene zinthu zikulowera, ndipo sanakhale chete. Kumayambiriro kwa 1440, Kalonga wa Bourbon ndi Kalonga wa Alençon anaukira, atakopa ngakhale mwana wa mfumu, Louis, amene anali ndi zaka 16. M'mibadwo yam'mbuyo kuukira kotere kukanatha zaka. Ulendo uno mfumu inayenda ndi mizinga yake kuchokera ku Poitou kukafika ku Auvergne ndi m'dera la Bourbon, matauni akutsegula zipata limodzi ndi limodzi, ndipo pofika Julaye oukirawo anali atapepesa ku Cusset.

Anthu amene ankayang'anira mizingayo ndi mbali ya nkhani yomweyi. Jean Bureau ndi mbale wake Gaspard sanabadwire m'banja la akalonga. Jean anali munthu wa zamalamulo ndi zowerengera ndalama ku Paris. Anaonetsa luso lake pozinga mzinda wa Meaux mu 1439, anakhala mkulu wa mizinga ya mfumu, ndipo panthawi imodzimodziyo anali mmodzi wa asungichuma a dziko. Kuphatikiza maudindo awiriwo mwa munthu mmodzi kukunena zambiri kuposa nkhondo iliyonse. Abale awiriwa anachepetsa mitundu ya mizinga kuti zipolopolo zizilowa m'mizinga yambiri, anasunga owombera pamalipiro, ndipo anaphunzitsa anthu awo kukumba ngalande zoyandikira khoma kuti mizinga iziwombera pafupi ili yotetezeka. Munthu ngati Bureau analibe linga lobadwira, analibe asilikali a mtundu wake. Zonse anali nazo zinali za mfumu, ndipo mfumu ikanatha kumuchotsa m'mawa uliwonse. Wamalonda wolemera Jacques Cœur, amene anakongoza mfumu ndalama zambiri za nkhondo ya ku Normandy, anaziona zimenezi ndi maso ake: mu 1451 anamangidwa ndipo chuma chake chinalandidwa.

Pa 17 Julaye 1453, ku Castillon, kufupi ndi Bordeaux, Jean Bureau anakonza msasa wokumbidwa ngalande ndi kutchingidwa ndi mitengo, n'kuikamo mfuti ndi mizinga pafupifupi 300, yaikulu ndi yaing'ono. John Talbot, mkulu wa nkhondo wa Angerezi wokalamba ndi wotchuka chifukwa cha kulimba mtima, anauthira nkhondo molunjika ndipo anafera pomwepo pamodzi ndi mwana wake. Bordeaux anagonja mu Okutobala, ndipo nkhondo ya zaka zoposa 100 pakati pa maiko awiriwa inathera pamenepo. M'chaka chomwecho, mu Meyi, mizinga ya Mehmed II inali itaboola makoma a Constantinople, amene anali olimba kuposa ena onse ku Ulaya.

Angerezi atapita, msonkho sunapite. Louis uja, amene anaukira atate ake chifukwa cha akalonga, atakhala Mfumu Louis XI mu 1461 anakhala mdani wawo woopsa kuposa atate akewo. Philippe de Commynes, amene ankamutumikira, analemba kuti Charles VII ankatolera ndalama za dzikolo zosaposa 1,800,000 pa chaka, pamene Louis pomwalira mu 1483 ankatolera 4,700,000. Ndalama zinkagula mizinga ndi asilikali, mizinga inkagonjetsa madera atsopano ndi kuopseza okana kulipira, madera atsopanowo ankabweretsa ndalama zina. Jean V wa ku Armagnac anadzitsekera mu mzinda wake wa Lectoure, ndipo mu 1473 mzindawo unagwa, iye n'kuphedwa. Kalonga wa Brittany, François II, anachita zimene munthu wanzeru akanachita: anamanga nsanja zatsopano zochindikala, zokhala ndi malo a mizinga, palinga lake la m'malire la Fougères. Mu Julaye 1488 gulu la mfumu linalanda Fougères m'sabata imodzi. Patapita zaka zitatu mwana wake wamkazi, Anne, anakwatiwa ndi Mfumu Charles VIII, ndipo ufulu wa Brittany unayamba kutha.

Zofananazo zinkachitika kwina. Mu 1414, Friedrich wa banja la Hohenzollern anagwetsa malinga a banja la Quitzow ku Brandenburg ndi mzinga waukulu wobwereka. Mu 1464 linga la Bamburgh, kumpoto kwa Mangalande, linagonja kwa mizinga ya Edward IV. Chomvetsa chisoni kwambiri ndi nkhani ya Franz von Sickingen wa ku Jeremani, msilikali wodziwa bwino za onga, amene anathira chuma chake polimbitsa linga lake ku Landstuhl. Mu 1523 olamulira atatu akuluakulu, wa ku Trier, wa ku Palatinate ndi wa ku Hesse, anaphatikiza mizinga yawo. Makoma atsopanowo anagumuka m'masiku ochepa, iye anavulala, ndipo anamwalira pa 7 Meyi atangogonja kumene.

Munthu akhoza kuganiza kuti nkhani yathera apa, khoma lagonja, mzinga wapambana. Zimene zinachitika n'zosiyana, ndipo n'zimene zinatsekeratu akalonga panja.

Mu 1494 Charles VIII analowa m'Italiya ndi mizinga yamkuwa pafupifupi 40 yowombera makoma. Inali pamawilo, yokokedwa ndi akavalo m'malo mwa ng'ombe, yoyenda limodzi ndi asilikali, yokhala ndi timikono m'mbali tothandiza kuikweza ndi kuitsitsa msanga. Linga la Monte San Giovanni, m'malire a ufumu wa Naples, linagwa m'maola ochepa mu Febuluwale 1495, ndipo okhalamo anaphedwa. Aitaliya anachita mantha, koma analinso amisiri a zomangamanga oposa onse ku Ulaya. Ku Pisa mu 1500, adani ataboola khoma, anapeza kuseri kwake kuli ngalande yatsopano ndi chimulu cha dothi chokhala ndi mizinga. Dothi limameza chipolopolo, silisweka. Kuchokera pamenepo kunabadwa kamangidwe katsopano: makoma aafupi, ochindikala kwambiri, odzazidwa dothi, obisika kuseri kwa ngalande yotakata, okhala ndi ngodya zosongoka zotulukira kunja. Ngodyazo ankaziyeza mosamala kuti mizinga ya pangodya imodzi izitha kusesa m'tsinde mwa ngodya inzake, pasakhale malo amene mdani angabisale. Kamangidwe kameneka kanafika ngakhale kugombe la kum'mawa kwa Afirika: malinga a Apwitikizi a São Sebastião pachilumba cha Mozambiki ndi Fort Jesus ku Mombasa ndi a mtundu womwewo, ndipo onse anamangidwa molamulidwa ndi mfumu.

Pofika cha m'ma 1550 kuzinga mzinda kunayambanso kutenga miyezi. Khoma linabwezeretsa mphamvu yake, koma linali la mwini wina. Linga latsopano linkadya malo aakulu, njerwa zosawerengeka, amisiri a masamu, mizinga yakeyake yambiri ndi asilikali olipidwa okhalamo chaka chonse. Ngakhale dziko la Siena, limene linali boma lathunthu, linathira ndalama zochuluka m'malinga otere moti nkhondo itafika linasowa zolembera asilikali okwanira, ndipo linagonja mu 1555. Ngati zinatero ndi Siena, kalonga wa minda ingapo akanatani? Kulanda linga lotere kunkafunanso gulu la nkhondo lalikulu kuposa kale, lozungulira mzinda wonse kwa miyezi. Magulu anakula, ndipo ambiri mwa asilikali anali oyenda pansi, a mikondo yaitali ndi mfuti zam'manja, zimene mwana wa mlimi ankaziphunzira m'masabata ochepa. Chipolopolo cha mfuti yotere ndicho chinapha Bayard mu 1524, msilikali wapakavalo amene Afalansa ankamuona ngati chitsanzo cha ulemu wa akalonga.

M'pofunika kusamala kuti onga tisaupatse ulemu woposa wake. Charles wa ku Burgundy, kalonga wolemera kuposa mafumu ambiri, anali ndi mizinga yabwino kwambiri ya m'nthawi yake. Anazinga tauni ya Neuss pafupifupi chaka chathunthu, kuyambira 1474 mpaka 1475, osailanda. Mu 1476 anataya mizinga yake yambiri ku Grandson kwa Aswisi onyamula mikondo, ndipo mu Januwale 1477 anaphedwa ku Nancy. Ku Sikotilandi, James II, wokonda mizinga kwambiri, anazinga linga la Threave la banja la Douglas mu 1455, koma zimene zinatsegula chipata pomalizira pake zinali ndalama ndi malonjezo kwa olondera. Mfumu yomweyo inafa mu 1460 ku Roxburgh mzinga wake utaphulika ili pafupi. Ku Jeremani, monga nkhani ya Sickingen ikusonyezera, opindula sanali mfumu yaikulu ya dziko lonse koma olamulira a zigawo. Onga sunkasankha mutu wovala chisoti chaufumu. Unkasankha aliyense wokhala ndi anthu ambiri okhometsa msonkho ndi alembi odziwa kutolera, ndipo unkafinya onse apansi pake. Kumene ufumu unali kale ndi mizu, monga ku Falansa, unapita kwa mfumu.

Akalonga nawo sanathe. Ambiri anapeza kuti kutumikira kumalipira kuposa kuukira. Anakhala akuluakulu a magulu a nkhondo a mfumu, abwanamkubwa a zigawo ndi olandira ndalama za chaka ndi chaka kuchokera kunyumba yachifumu, ndipo msonkho waukulu uja, umene unkasenzetsedwa alimi, iwo sankalipira. Ndi mgwirizano umenewu umene unachititsa kuti ambiri aulandire msonkhowo mosavuta. Nyumba zimene anamanga m'chigwa cha Loire m'zaka za m'ma 1500 zili ndi tinsanja tokongoletsa ndi mawindo aakulu agalasi, zinthu zimene agogo awo akanaziona ngati misala. Kuukira kunapitirira ndithu. M'nkhondo za chipembedzo zoyambira mu 1562, ndiponso m'chipwirikiti cha pakati pa 1648 ndi 1653, akalonga anagwedeza ufumu koopsa. Koma tsopano ankalimbirana kuti ndani agwire boma, asilikali ake ndi ndalama zake, ndipo kawirikawiri ankadalira mizinda yolimba kapena thandizo la mafumu akunja. Kudzitsekera m'linga la makolo n'kudikira kuti mfumu itope sikunalinso njira.

Chotsala chinali kuchotsa malinga akalewo, chifukwa ngakhale linga lachikale likanatha kusunga gulu la oukira kwa masabata angapo ndi kuwonongetsa mfumu ndalama. Mu 1617 asilikali a Louis XIII anawombera linga la Pierrefonds, kumpoto kwa Paris, kenaka n'kuligumula dala. Mu Julaye 1626, Kadinala Richelieu ali nduna yaikulu, kunatuluka lamulo lakuti malinga onse a m'kati mwa dziko, amene sanali ofunika poteteza malire, agwetsedwe. M'madera ambiri anthu a m'midzi yozungulira anathandiza nawo ntchitoyo, ndipo miyala yake inapita kukamangira nyumba zawo. Linga la Coucy, limene nsanja yake yaikulu inali yotalika kuposa mamita 50, linaphwasulidwa mu 1652 molamulidwa ndi Kadinala Mazarin. M'nthawi ya Louis XIV, mmisiri wa mfumu, Vauban, anamanga kapena kukonzanso malinga oposa 100, pafupifupi onse m'malire ndi m'magombe, mizinga yake italoza kunja, ndipo ndalama zake zinachokera m'thumba la boma.